Ngongole za chigayo sizikhala m'kope

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, koma munthu akandipempha kuti ndimuunikire bizinesi yomwe akufuna kugula, mabuku ndimawatsegula pomaliza. Ndimayamba ndacheza ndi mlonda.

Mayi wina, mphunzitsi wopuma, ankafuna kugula chigayo pa K9 miliyoni ya penshoni yake. Wogulitsa anatipatsa kope laukhondo, ndalama za tsiku lililonse zolembedwa bwino. Laisensi inali pakhoma m'felemu, yodzaza gaga. Nditaipukuta ndinapeza dzina la mkulu wa wogulitsayo, yemwe anamwalira kalekale, ndipo ntchito yololedwa inali ya golosale.

Pa laisensi ndimayang'ana dzina, malo, mtundu wa bizinesi ndi tsiku lothera, kenako ndimapita nayo ku khonsolo kuti aione m'kaundula wawo. Musamve zoti "muzingogwiritsa ntchito yomweyi". Chilolezo chimaperekedwa kwa munthu wakutiwakuti pamalo akutiakuti, ndiye funsani khonsolo ngati inuyo ingakupatseni chanu musanalipire kalikonse. Satifiketi yolembetsera bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA ndi mapepala ena, salowa m'malo mwa laisensi.

Komatu zomwe zimagwetsa anthu ndi ngongole zapakamwa. Mlonda uja ndiye anandiuza kuti mwezi ukamatha kumabwera bambo wina panjinga yamoto, amangoima n'kumayang'ana mota. Anali wakatapila. Anabwereketsa K600,000, chiwongoladzanja theka pamwezi, chikole chake mota yomweyo. Mayi wogulitsa mandasi pakhomo anawonjeza kuti kubanki m'khonde nakonso mwini chigayo amamusaka. Mwalamulo ngongole zoterezi ndi za wobwereka, osati wogula. Koma kamuuzeni zimenezo wakatapila atafika ndi anyamata anayi ndi sipanala.

Ngongole ina imakutsatani ndithu. Lamulo la ntchito, Employment Act la 2000, limati bizinesi ikagulitsidwa antchito amasamukira kwa mwini watsopano pamodzi ndi zonse zowayenera. Anyamata awiri ogayitsa anali asanalandire miyezi itatu. Mita ya ESCOM nayo inali ndi zotsalira.

Ndinalangiza mphunzitsi uja kugula katundu yekha, osati dzina la bizinesi. M'chikalata tinalemba makina aliwonse ndi nambala yake, wogulitsa n'kusayinira mndandanda wa ngongole zake zonse pamaso pa mboni ndi amfumu. Wakatapila, ESCOM ndi antchito analipidwa mwachindunji kuchokera pamtengo wogulira, aliyense n'kupereka risiti kapena kusayinira. K1.5 miliyoni inasungidwa kwa loya miyezi itatu, podikira ena amene angatulukire. Anatulukiradi mmodzi, wogulitsa malamba a makina.

Wogulitsa akakana kuti mbali ina ya ndalama idikire, kapena akakuletsani kulankhula ndi antchito iye palibe, tengani chikwama chanu muzipita.