Nthabwala ya papepala izizira pa ukwati

Nyengo ya maukwati yafika, ndipo Loweruka lililonse m'maholo mukumveka zolankhula za abale. Masiku ano ambiri akumabwera ndi mawu olemberatu papepala kapena pafoni, nthabwala zili momwemo. Koma si zonse zimene zikuseketsa anthu.

Pa ukwati wina ku Lilongwe, mchimwene wa mkwati adayamba ndi kulonjeza kuti anthu aseka. Maso ali papepala, adawerenga kuti mkwati adadikirapo madzi a nsima pa mbaula yopanda moto, kenako n'kupitiriza kufotokoza chaka chake, nyumba imene ankakhala ndi amene adagula makala. Atadzutsa mutu, muholo munali zii.

Patapita nthawi, azakhali a mkwati adalandira chimkuzamawu opanda pepala m'manja. "Mwana uyu tsiku lina adatereka poto," adatero. "Mthiko uli m'manja, ufa uli pambali, akudikira madzi atenthe." Adakhala kaye chete, n'kumuyang'ana mkwati kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mbaula ilibe moto." Holo yonse idafa nalo phwete, ndipo iwo adadikira mpaka phokoso litatha asanauze mkwatibwi kuti kukhitchini akhale tcheru.

Nkhani inali imodzimodzi. Mchimwene uja adaika choseketsa pakati n'kuchikwirira ndi mawu ena, choncho anthu sadapeze mpata wosekera. Wowerenga papepala amatha kubwerera m'mbuyo akaphonya mfundo, koma womvera akamva kamodzi zatha. Azakhali adasunga choseketsacho mpaka pamapeto, ndipo kukhala chete kwawo kudakonzekeretsa makutu a anthu.

Chimene anthu akutsutsana n'chakuti nthabwala iyenera kulembedwa kapena ayi. Mkulu wina amene wakhala akuyendetsa mwambo wa maukwati akuti isalembedwe n'komwe. Iye akuti anthu amaseka zimene akuziona pompopompo, monga malume amene akuvina perekaniperekani nthawi yaitali ndalama osaponya, ndipo zotere sungazidziwe dzulo lake. Akutinso pepala limabisa nkhope, pamene theka la nthabwala lili m'maso mwa wolankhula.

Mphunzitsi wina wa Chichewa sakugwirizana nazo. Iye akuti wosakonzekera ndi amene amapsa mkamwa n'kutchula chibwenzi chakale cha mkwati pamaso pa apongozi. Kulemba kumapereka mpata wodzifunsa ngati chibale chako chikukulola kunena zimenezo, pakuti zimene msuweni anganene anthu n'kuseka, zikachokera kwa mpongozi zimasanduka chipongwe. Malangizo ake ndi akuti ulembe, uwerengere munthu mmodzi mokweza, ndipo chiganizo chimene chikukuthera mpweya uchidule pawiri. Ngati munthuyo sadaseke, nthabwalayo uichotse.

Onse awiri akuvomereza kuti nthabwala ikazizira, wolankhula asaifotokozere, angopitiriza. Pa maukwati ambiri, amene amaseketsa kwambiri ndi agogo ndi azakhali, anthu amene adakula akumva nthano zikukambidwa pakamwa.