Kuyesa Dayilo Indiketa ndi Maikiromita pa Sitandi Yolimba

Dayilo indiketa ndi kachipangizo kooneka ngati wotchi, kamene amisiri a makina amayesera kusuntha kochepa kwambiri, monga kukhota kwa shafiti kapena kupendekeka kwa disiki ya mabuleki. Pansi pake pali kandodo kachitsulo kolowa ndi kutuluka. Kandodoko kali ndi mano amene amazunguza kagiya kakang'ono, ndipo kagiyako kamazunguza magiya ena mpaka muvi usunthe. Pa indiketa yofala kwambiri, kandodo kamayenda mamilimita 10, muvi waukulu umazungulira kamodzi pa milimita iliyonse, ndipo nkhope yake ili ndi timizere 100. Kamzere kamodzi ndi 0.01 ya milimita, kapena kuti mamaikiloni 10, popeza milimita imodzi ili ndi mamaikiloni 1,000.

Magiya amatha, fumbi limalowa, ndipo indiketa ikagwa pansi mano ake amapindika. Choncho pali mafunso awiri amene mwini wake ayenera kuyankha nthawi ndi nthawi. Loyamba ndi lakuti, kodi muvi umayenda mofanana ndi kandodo kuyambira poyambira mpaka pothera? Lachiwiri ndi lakuti, kodi muvi umaloza malo amodzimodzi pamene kandodo kakulowa ndi pamene kakutuluka? Mafunso onsewa amayankhidwa poyerekeza indiketa ndi mutu wa maikiromita, zonse ziwiri zitamangidwa pa sitandi imodzi yolimba.

Mutu wa maikiromita ndi sikuluwu yosulidwa mosamala kwambiri, imene nthawi zambiri imasuntha theka la milimita ikazungulira kamodzi. Maikiromita wamba amawerenga 0.01 ya milimita, chimodzimodzi indiketa yomwe ikuyesedwa, choncho sangaonetse zolakwa zing'onozing'ono. Pa ntchito iyi pamafunika mutu wa chogwirira chachikulu, wowerenga maikiloni imodzi kapena awiri. Lamulo limene anthu oyesa zinthu amatsata ndi lakuti choyesera chikhale cholondola kuposa choyesedwa kanayi kapena kupitirira apo. Nawonso maikiromita ayenera kukhala atayesedwa kale ndi timabuloko tachitsulo ta muyeso wodziwika, chifukwa cholakwa chake chilichonse chidzaoneka ngati cha indiketa.

Kumanga zipangizo ndi kumene kumapereka kapena kuwononga zotsatira. Kandodo ka indiketa ndi sikuluwu ya maikiromita ziyenera kukhala pa mzere umodzi, zitayang'anizana. Mfundoyi anaifotokoza ndi Ernst Abbe wa ku Jena m'dziko la Germany mu 1890: chinthu choyesedwa chikhale pa mzere womwewo ndi choyesera. Indiketa ikapendekeka, kandodo kamayenda mtunda wautali kuposa umene maikiromita wasuntha. Kupendekeka kwa madigiri 2, komwe maso sangaone msanga, kumawonjeza mamaikiloni pafupifupi 6 pa mamilimita 10. Nsonga ya kandodo iyeneranso kugunda pakati penipeni pa nkhope ya maikiromita. Nkhopeyo imazungulira limodzi ndi sikuluwu, ndipo ngati ili yopendekeka pang'ono, nsonga yogunda m'mbali idzakwera ndi kutsika pa theka lililonse la milimita. Ndi chifukwa chake ena amakonda mitu imene nkhope yake siizungulira.

Sitandi ya maginito ya manja aatali, imene imathandiza pa ntchito za tsiku ndi tsiku, siyenera pano. M'kati mwa indiketa muli sipuling'i yokankhira kandodo kunja ndi mphamvu ya nyutoni imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mphamvuyo imakula kandodo kakamalowa. Chifukwa cha kukhuzana kwa zitsulo, mphamvu yokankha polowa imaposanso ya potuluka. Sitandi yowifuka imagonja mosiyana pa nthawi ziwirizi. Mwachitsanzo, ngati dzanja la sitandi limapindika mamaikiloni 10 pa nyutoni iliyonse, ndipo mphamvu ya polowa ndi potuluka ikusiyana ndi theka la nyutoni, woyesa adzapeza kusiyana kwa mamaikiloni 5 kumene indiketa ilibe. Sitandi yabwino ndi chitsulo chimodzi chochindikala, chachifupi, chokhala ndi mabowo awiri oyang'anizana, ndipo indiketa imagwiridwa pa khosi lake popanda kufinya kwambiri, kuopa kuti kandodo kangamangike.

Kutentha nakonso kumalowapo. Miyeso ya utali pa dziko lonse imatengedwa pa madigiri 20 a Celsius. Chitsulo chimatalika mamaikiloni pafupifupi 11.5 pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi. Pa mamilimita 10 zimenezi n'zochepa, koma sitandi ya mamilimita 100 imene yatenthedwa ndi dzanja digiri imodzi imasuntha ziro ndi maikiloni imodzi yathunthu. Choncho zipangizo zonse zimasiyidwa m'chipinda chimodzi kwa maola angapo, kutali ndi dzuwa la pa windo, ndipo woyesa amagwira chogwirira cha maikiromita chokha.

Asanayambe kuyesa, woyesa amapukuta nsonga ndi nkhope ya maikiromita, amaona ngati nsongayo yamangika bwino, ndipo amakankha kandodo kangapo kuti amve ngati sikakukakamira. Kenaka amazunguza maikiromita mpaka kandodo kalowe pang'ono, muvi ufike pa ziro woyamba, ndipo pamenepo amalemba chiwerengero cha maikiromita ngati poyambira. Njira yodalirika ndi kuimika muvi pa kamzere ka indiketa ndi kuwerenga maikiromita, chifukwa kuona ngati muvi wakhala pa kamzere n'kosavuta kusiyana ndi kuyerekeza malo ake pakati pa timizere tiwiri. Diso likhale moyang'anizana ndi nkhope ya indiketa, osati cham'mbali.

Ulendo wolowa umayamba ndi masitepe aafupi, a 0.1 ya milimita, pa kuzungulira koyamba kwa muvi kapena kuwiri koyamba. Pambuyo pake woyesa amayenda theka la milimita kapena milimita imodzi mpaka afike pa 10. Akafika pothera amapitirira pang'ono, kenaka n'kubwerera, akuima pa malo omwewo amene anaima polowa. Pa ulendo uliwonse maikiromita amazungulira mbali imodzi yokha. Woyesa akapitirira kamzere, sabwerera pang'ono kuti akonze, koma amabwerera kutali ndithu n'kufikanso pa kamzereko kuchokera mbali yoyenera. Sagogodanso pa galasi la indiketa, chifukwa kugogoda kumamasula muvi wokakamira ndi kubisa vuto limene akufuna kulipeza.

Chitsanzo chimodzi chikhoza kuonetsa mmene mawerengero amayendera. Tinene kuti pa ulendo wolowa, muvi utaima pa mamilimita 2.00, maikiromita akuonetsa 2.003. Kandodo kayenda mtunda woposa umene muvi ukunena, choncho indiketa ikuchepetsa ndi mamaikiloni 3. Pa 5.00 maikiromita akuonetsa 5.006, kuchepetsa kwa mamaikiloni 6. Pa 8.00 akuonetsa 8.001, ndipo pa 10.00 akuonetsa 9.998, kutanthauza kuti tsopano indiketa ikuchulutsa ndi mamaikiloni 2. Ngati manambala a malo ena onse ali pakati pa amenewa, cholakwa cha ulendo wonse wolowa ndi mtunda wochokera pa kuchepetsa kwa 6 kufika pa kuchulutsa kwa 2, omwe ndi mamaikiloni 8. Indiketa zambiri za mtundu uwu zimaloledwa kulakwa mamaikiloni pafupifupi 15 pa ulendo wonse, choncho pa funso loyamba iyi yapambana.

Pa ulendo wobwerera, muvi utaimanso pa 5.00, maikiromita akuonetsa 5.002. Polowa anaonetsa 5.006, ndiye kuti kusiyana ndi mamaikiloni 4. Muvi unatsalira m'mbuyo, ndipo kandodo kanayenera kutuluka mopitirira kuti muviwo ufike pa kamzere. Woyesa amawerengera kusiyana kotere pa malo onse n'kutenga kwakukulu. Opanga ambiri amalola mamaikiloni pafupifupi 3 pa indiketa ya timizere ta 0.01, choncho iyi yapitirira malire ngakhale kuti pa funso loyamba inachita bwino. Malire enieni amalembedwa pa chikalata cha wopanga, motsatira malamulo monga ISO 463, DIN 878 kapena JIS B 7503, ndipo woyesa ayenera kutsata amene indiketa yakeyo inapangidwira.

Kutsalira kwa muvi kumeneku kuli ngati chiwongolero cha galimoto yakale, chimene chimayamba chazungulira pang'ono matayala asanatembenuke. Pakati pa mano a magiya pamakhala mpata wochepa kuti asamangane. Kuti mpatawo usaoneke pa muvi, opanga amaika kasipuling'i kopyapyala kozungulira, kamene kamakoka magiya kuti mano azigundana mbali imodzi nthawi zonse. Kasipuling'iko kakafooka, kakapiringizika, kapena mafuta akale akauma m'magiya, mano amasiya kutsatana ndipo muvi umachedwa pobwerera. Vuto limeneli limapweteka kwambiri poyesa kukhota kwa shafiti, popeza pamenepo kandodo kamalowa ndi kutuluka pa kuzungulira kulikonse, ndipo indiketa imaonetsa kukhota kochepa kuposa kwenikweni.

Manambala akajambulidwa pa girafu, maonekedwe a mzere amaloza gwero la vuto. Cholakwa chokula mofanana kuchokera pa ziro mpaka pa 10, indiketa ikuchulutsa, kawirikawiri chimasonyeza kuti zipangizo zapendekeka, ndipo woyesa amamasula n'kumanganso asanaweruze indiketa. Mzere wokwera ndi kutsika kamodzi pa milimita iliyonse umaloza ku nkhope ya indiketa kapena kagiya ka muvi kamene sikali pakati penipeni. Ukamabwereza pa theka lililonse la milimita, wokayikiridwa woyamba ndi maikiromita. Kudumpha kwa pa malo amodzi okha kumasonyeza dzino lopindika kapena kachitsotso pa mano a kandodo, ndipo kumabweranso pa malo omwewo ulendo uliwonse. Ngati pothera pa ulendo wobwerera ziro wasuntha kwambiri kuposa kusiyana kwa malo ena, ndiye kuti indiketa yatsetsereka m'chogwirira kapena sitandi yatenthedwa, ndipo kuyesa konse kumabwerezedwa.

Kuyesa kumatha ndi kuona ngati muvi umabwerera pa malo amodzi. Maikiromita ataima, woyesa amakoka kandodo n'kukatsitsa mofatsa kasanu, ndipo amalemba kusiyana kwa nambala yaikulu ndi yaing'ono. Amachita zimenezi poyambira, pakati ndi pothera. Indiketa yosabwerera pa malo amodzi imachititsa kuti manambala ena onse akhale okayikitsa.

Indiketa imene yalephera imatsukidwa kapena kukonzedwa ndi wodziwa, ndipo kandodo kake sikathiridwa mafuta, chifukwa mafuta amakola fumbi n'kuwonjeza kukakamira. Ikakonzedwa imayesedwanso kuyambira poyamba. Pa chikalata chake pamalembedwa tsiku, kutentha kwa chipinda, nambala ya indiketa ndi ya maikiromita, pamodzi ndi manambala onse a ulendo wolowa ndi wobwerera, kuti pa kuyesa kotsatira ziwoneke ngati magiya akupitirira kutha.