Sitirado ndi sitirango: mtengo uyende mtunda wotani kuti mupeze phindu?

Madzulo a pa 2 Febuluwale 2022, msika wa masheya ku Amereka utatseka, kampani ya Meta, eni ake a Facebook, idalengeza mmene malonda ake adayendera m'miyezi itatu yapitayo. Kutacha, mtengo wa sheya yake udagwa ndi pafupifupi 26 peresenti tsiku limodzi. Mu Epulo chaka chomwecho zidaigweranso Netflix: italengeza kuti olembetsa ake achepa ndi 200,000, sheya yake idatsika ndi pafupifupi 35 peresenti. Tsiku lolengezalo silidali chinsinsi, pakuti makampani a pamsika umenewu amapereka malipoti otere kanayi pachaka ndipo tsiku amalitchuliratu. Chosadziwika chidali chakuti mtengo ulowera kuti.

Pali njira yoti munthu apindule popanda kulosera ngati mtengo ukwera kapena utsika. Iye amangobetchera kuti ugwedezeka kwambiri. Njirayi ili pawiri, sitirado ndi sitirango, ndipo zonse ziwiri zimapangidwa ndi maopushoni. Pamsika wa masheya wa ku Blantyre malonda amenewa kulibe. Kwawo ndi ku misika ngati ya ku Chicago, kumene adayamba kugulitsidwa poyera mu 1973, ngakhale masiku ano amene ali ndi akaunti kwa bulokala wakunja amawapeza pafoni.

Opushoni ndi ufulu wogulidwa ndi ndalama. Kolo imakupatsani ufulu wogula sheya pamtengo wopanganiratu tsiku lina lake lisanadutse, pamene puti imakupatsani ufulu woigulitsa pamtengo wopanganiratu. Ufuluwo mumaulipirira pulimiyamu, ndipo tsiku likadutsa musanaugwiritse ntchito, umatha ndipo pulimiyamuyo sabwerera. Ku Amereka opushoni imodzi imaimira masheya 100, choncho mukaona $4 pasikirini dziwani kuti m'thumba mutuluka $400.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka koma cha mitengo yofanana ndi yeniyeni. Sheya ina ikugulidwa $100. Lipoti lituluka Lachinayi madzulo, ndipo maopushoni amene tikugula atha Lachisanu. Kolo ya mtengo wopangana wa $100 ikugulidwa $4, puti ya $100 yomweyo nayonso $4. Mukagula zonse ziwiri mwapanga sitirado, mwalipira $8 pa sheya, kapena kuti $800. Sheya ikakwera, kolo imapeza mtengo ndipo puti imafa. Ikatsika, puti ndiyo imapeza mtengo. Dziwani kuti imodzi mwa ziwirizi idzafa ndithu, choncho yotsalayo iyenera kubweza ndalama za zonse ziwiri. Ndiye kuti sheya iyenera kupitirira $108 kapena kutsika kupyola $92 kuti muyambe kuona phindu. Kuyenda kwa 8 peresenti kumangokubwezerani mpamba wanu basi.

Sitirango ndi yotsikirako mtengo chifukwa mumagula maopushoni otalikirana ndi mtengo walero. Kolo ya $105 ikugulidwa $2, puti ya $95 nayonso $2, zonse pamodzi $4, kapena $400. Ndi theka chabe la ndalama za sitirado, ndipo n'chifukwa chake ambiri ongoyamba amathamangira kumeneku. Koma mtunda wake ndi wautali: sheya iyenera kufika kaye pa $105, kenaka iwonjezere $4 ya pulimiyamu. Malire ake ndi $109 kumtunda ndi $91 kumunsi, kutanthauza kuyenda kwa 9 peresenti.

Wina angati kusiyana kwa 8 ndi 9 n'kochepa, bwanji osangotenga yotchipayo? Yankho lili pa zimene zimachitika mtengo ukapanda kufika pamalirewo. Tiyerekeze kuti Lachisanu sheya yatseka pa $104. Kolo ya mu sitirado ili ndi mtengo wa $4, ndiye kuti pa $800 yanu mwapulumutsapo $400. Mwini sitirango sapulumutsa kanthu, poti pakati pa $95 ndi $105 maopushoni ake onse awiri ndi akufa. Sitirado imaluzitsa ndalama zonse pokhapokha sheya itaima ndendende pa $100, zimene sizichitika kawirikawiri, pamene sitirango imaluzitsa zonse paliponse m'kati mwa mpata wa madola khumi uja, ndipo sheya imakonda kuthera m'mpata womwewo.

Kuyerekeza koyenera ndi kwa ndalama zofanana. Ndi $800 mungagule sitirado imodzi kapena masitirango awiri. Sheya ikatseka pa $106, sitirado yaluza $200, masitirango awiri aluza $600. Pa $110 onse afanana, aliyense wapindula $200. Kupitirira apo zinthu zimatembenuka: pa $115 sitirado yabweretsa $700, masitirango $1,200. Sheya yathuyi ikadagwa monga idachitira ya Meta, mpaka $74, sitirado ikadapindula $1,800 pamene masitirango akadapindula $3,400. Choncho m'chitsanzo chathu mzere wolekanitsa uli pa 10 peresenti. Amene akuyembekeza kugwedezeka kochepera apo, sitirado ndiyo yomuyenera. Sitirango ndi ya munthu amene akukhulupirira kuti kukubwera chivomezi chenicheni ndipo wavomereza kuti nthawi zambiri ndalama zake zizipita zonse.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Kodi $8 ija yachokera kuti? Ogulitsa maopushoni nawonso ali ndi kalendala. Akudziwa kuti lipoti likutuluka Lachinayi, akudziwa mmene sheyayi idagwedezekera m'malipoti am'mbuyo, ndipo zonsezo aziika kale m'mtengo. Ochita malondawa amatenga mtengo wa sitirado n'kuugawa ndi mtengo wa sheya, ndipo chotulukacho amachitenga ngati kuyenda kumene msika ukuyembekeza. Kwa ife ndi 8 peresenti. Pogula sitirado simukubetchera kuti mtengo uyenda, poti zimenezo aliyense akudziwa. Mukubetchera kuti uyenda kuposa mmene anthu odya za ntchito imeneyi awerengera. Malinga ndi masamu amene ogulitsawo amagwiritsa ntchito, mtengo ukakhala wachilungamo sitirado yotere imadutsa malire ake pafupifupi kanayi pa maulendo khumi alionse, sitirango mocheperapo pang'ono. Maulendo otsalawo mumaluza, ndipo chiyembekezo chonse chili pa masiku osowa aja ngati a Netflix, kuti abweze zimene zidapita.

Pasikirini ya bulokala mudzaona nambala yolembedwa `IV`, yosonyeza kugwedezeka kumene kwawerengeredwa m'mtengo wa opushoni. Tsiku la lipoti likamayandikira nambalayi imakwera, ndipo lipoti likangotuluka imagwa nthawi yomweyo, chifukwa chimene anthu amadikira chadziwika. Zili ngati nkhuku ya pa 24 Disembala: nkhuku ndi yomweyo, koma mukafuna kuigulitsa pa 27 simupeza woigula pamtengo uja. Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Lipoti latuluka, nyuzi zikuti sheya yakwera ndi 5 peresenti, munthu n'kutsegula foni akumwetulira, n'kupeza kuti sitirado yake ya $800 yatsala pafupifupi $500. Sadalakwitse polosera kuti mtengo uyenda, koma adaugula ulosiwo modula.

Ena amathawa vutoli pogula maopushoni otha pakapita mwezi kapena iwiri. Zoona, amenewa sataya mtengo wonse m'mawa mwake, popeza atsala ndi masiku oti china chake chichitike. Koma amayamba ndi pulimiyamu yokwera, malire ake amatalikirapo, ndipo tsiku lililonse lodikira limadyako pang'ono mtengo wake. Enanso amagula sabata kapena awiri lipoti lisanafike n'kugulitsa lisanatuluke, pofuna kudyerera kukwera kwa `IV`. Nzeru imeneyi imamveka bwino kuposa mmene imagwirira ntchito, chifukwa kukwerako nthawi zambiri kumangolimbana ndi kutha kwa masiku.

Pali timabowo tina totayitsa ndalama timene chitsanzo chathu chidabisa. Opushoni iliyonse ili ndi mitengo iwiri, `bid` ndi `ask`, wogulitsira ndi wogulira. Ngati kusiyana kwake ndi masenti khumi pa opushoni iliyonse, kulowa ndi kutuluka kumakudyerani pafupifupi $20 musanawerengere za bulokala, ndipo pa sitirango ya $400 imeneyo ndi 5 peresenti yathunthu. Pa masheya osagulidwagulidwa kusiyanako kumakula kwambiri. Chinanso, malipoti ambiri amatuluka msika uli wotseka, pamene maopushoni a masheya a makampani amagulitsidwa kuyambira 9:30 m'mawa mpaka 4 koloko masana nthawi ya ku New York. Mungaone sheya itadumpha ndi 12 peresenti usiku, inu manja ali omangika, n'kudzatsegula m'mawa itabwerera pa 6.

Chomaliza ndi choopsa kwa wa mpamba wochepa. Opushoni imene yatha ili ndi mtengo, ngakhale wa senti imodzi, kawirikawiri imagwiritsidwa ntchito yokha popanda inu kulamula. Kusiya kolo ya $100 kuti ithe sheya ili pa $104 kungakudzutseni Lolemba muli ndi masheya 100 ndi ngongole ya $10,000 kwa bulokala. Ndiye gulitsani zonse ziwiri msika usanatseke Lachisanu.

Kodi munthu angadziwe bwanji ngati $8 ndi yodula kapena yotchipa? Njira yosavuta ndi kuyang'ana malipoti asanu ndi atatu apitawo a kampani yomweyo, n'kulemba kuti tsiku lotsatira lipoti lililonse sheya idayenda maperesenti angati, osasamala kuti idakwera kapena idatsika. Kenaka werengani kuti ndi kangati pamene idadutsa 8, ndi kangati pamene idadutsa 10. Musakhutire ndi avereji yokha, chifukwa tsiku limodzi la 30 peresenti lingaikweze pamene ena onse adali a 4 kapena 5. Ngati sheya kawirikawiri imayenda 5 ndipo msika ukufuna 8, payenera kukhala chifukwa chogwirika choti ulendo uno usiyane, monga chigamulo cha khoti chimene chikuyembekezeka kapena malonda atsopano amene tsogolo la kampani ladalira. Kungomva m'thupi kuti kuchitika zazikulu si chifukwa.

Kwa ine, pa ziwirizi sitirado ndiyo yabwinoko kwa munthu wamba, chifukwa malire ake ali pafupi ndipo ikalephera imasiyako kangachepe. Kutchipa kwa sitirango kumanyenga, kumachititsa munthu kugula zambiri mpaka ndalama zonse n'kuthera pa Lachisanu limodzi. Koma musanagule iliyonse, lembani papepala manambala atatu: malire akumtunda, malire akumunsi, ndi ndalama zonse zimene mwalipira. Ngati simungatchule chifukwa chimene sheya ingadutsire malirewo, kapena ngati ndalamazo simungapirire kuzitaya zonse, lipotilo lioneni muli panja.