Vidiyo ya mphindi zinayi: ichepe bwanji kuti itseguke pa foni ya aliyense

Kwaya yajambulitsa nyimbo yake yatsopano. Wojambula wagona mochedwa kuilumikiza pakompyuta, ndipo pamenepo ikuoneka bwino kwambiri. Akaitumiza ku gulu la WhatsApp la mpingo, madandaulo amayamba: wina akuti ikungozungulira osatseguka, wina akuti yamumalizira bandulo, winanso akungomva mawu koma chithunzi chili bii. Ntchito yojambula inali yabwino. Cholakwika chinachitika pa sitepe yomaliza, potulutsa fayilo.

Kukula kwa vidiyo kumachokera pa zinthu ziwiri: kutalika kwake, ndi kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ikudya. Chachiwirichi akatswiri amachitcha bitireti. Foni zambiri zikamajambula pa 1080p zimadya mamegabiti pafupifupi 16 pa sekondi. Nyimbo ya mphindi zinayi ndi masekondi 240, ndiye 240 kuchulukitsa ndi 16, kenako kugawa ndi 8 poti megabaiti imodzi ndi mamegabiti 8, zikupereka mamegabaiti 480. Kwa munthu amene wagula kabandulo ka tsiku limodzi ka Airtel kapena TNM, nyimbo imodziyo ingamutsekere tsiku.

Wojambula wanzeru amawerengera chobwerera m'mbuyo. Amayamba wadzifunsa kuti anthu ake angakwanitse fayilo yaikulu bwanji. Tinene kuti wasankha mamegabaiti 24. Akachulukitsa ndi 8 n'kugawa ndi masekondi 240 aja, amapeza makilobiti 800 pa sekondi. Pa amenewa amapatula 96 a mawu, ndipo chithunzi chimatsala ndi pafupifupi 700. Mawu asawamane. Anthu amapirira chithunzi chofooka pang'ono, koma nyimbo yomveka ngati ikuimbidwa m'chitini amaitseka nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amatsitsa bitireti koma chithunzi n'kuchisiya pa 1080p. Deta yochepayo imakhala ngati ndiwo za anthu awiri zogawira khamu la paukwati, ndipo chithunzi chimasweka timabokositimabokosi. Akachitsitsa kufika pa 480p, timadontho topanga chithunzi timachepa kasanu, ndipo makilobiti 700 aja amakwanira. Pa sikirini ya foni ya m'manja kusiyana kwake n'kochepa.

Pulogalamu yaulere ya HandBrake imachita zonsezi. Pa Format asankhe MP4 ndi kuchonga Web Optimized, kuti vidiyo ikaikidwa pa intaneti iziyamba kuonetsa isanathe kutsika yonse. Pa Resolution Limit asankhe 480p, pa Video Encoder asankhe H.264, ndipo m'bokosi la Avg Bitrate alembe 700. Mawu akhale a AAC pa 96.

Kusankha H.264 n'kofunika kuposa mmene kumaonekera. Ilipo njira yatsopano, H.265 kapena HEVC, imene imachepetsa fayilo kwambiri, ndipo ndiyo imene iPhone imajambulira mwiniwake akapanda kusintha. Koma foni zakale ndi zotsika mtengo zimavutika nayo: chithunzi chimadukiza, kapena chimada mawu okha akumveka. H.264 inatuluka mu 2003, ndipo pafupifupi foni iliyonse yoonetsa vidiyo imaidziwa.

Fayilo ikatuluka, wojambula aione kaye malo ovuta. Munthu wokhala pampando akulankhula sadya deta yambiri, chifukwa zambiri za pachithunzi sizikusintha. Amene amadya deta ndi amayi makumi awiri ovina atavala zitenje zamaluwa, masamba a mtengo wamango akugwedezeka kumbuyo kwawo, ndi zojambula za m'tchalitchi chamdima. Ngati maluwa a pachitenje akusungunuka oimba akayamba kuvina, bitireti yachepa, ndipo aikweze kufika pa 900 kapena 1,000. Aonenso mawu olembedwa pansi pa chithunzi: zilembo zing'onozing'ono zimene zimawerengeka pakompyuta zimafufutika pa 480p, choncho ndi bwino kuzikulitsa asanatulutse.

WhatsApp nayo imafinyanso vidiyo yotumizidwa kuchokera mu Gallery. Ikatumizidwa ngati Document imafika mmene ilili, ndipo njira imeneyi imalola fayilo mpaka magigabaiti 2. Mwayi umenewu ndi wosungira ubwino wa fayilo yochepetsedwa kale, osati wotumizira chimfayilo cha 480 chija. Komanso vidiyo yofinyidwa kale isafinyidwenso, poti ulendo uliwonse imataya kena kake kosabwereranso. Fayilo yaikulu yoyamba isungidwe, ndipo zazing'ono zonse zizichokera kwa iyo.

Asanatumize ku gulu lonse, atumize kaye ku foni imodzi yotsika mtengo, monga itel yakale, pa deta ya foni osati pa Wi-Fi, n'kuionera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.