Laertes: munthu amene amaulula chofooka cha Hamlet

Wolemba sewero akafuna kuti tione chofooka cha mtengambali wamkulu, sachita kutiuza. Amaika pambali pake munthu wina amene wagwa m'tsoka lomwelo, n'kutisiya tiwafananitse tokha. William Shakespeare anachita zimenezi m'sewero la Hamlet, limene analemba cha m'ma 1600.

Hamlet, mwana wa mfumu ya ku Denmark, amva kwa mzukwa wa bambo ake kuti anaphedwa ndi m'bale wawo, Claudius, amene tsopano walowa ufumu n'kukwatiranso mayi a Hamlet. Mnyamatayu alonjeza kubwezera, koma masiku angopita. Ayamba wadzichititsa misala, kenako akonza kasewero koyesera Claudius. M'gawo lachitatu mpata upezeka: amupeza Claudius ali yekha, atagwada. Hamlet asolola lupanga, koma alibwezanso m'chimake, ati munthu wophedwa akupemphera angapite kumwamba.

Mpaka pamenepa woonera akhoza kunena kuti mnyamatayu ndi wosamala chabe. Apa ndi pamene Laertes amagwirira ntchito. Hamlet abaya munthu wobisala kuseri kwa nsalu, poganiza kuti ndi Claudius, koma apeza kuti wapha Polonius, bambo a Laertes. Tsopano pali ana amuna awiri, aliyense bambo ake ataphedwa. Laertes sachedwa. Abwera kuchokera ku France, alowa m'nyumba ya mfumu mokakamiza, gulu la anthu lili pambuyo pake. Claudius atamufunsa zimene angachite posonyeza kuti ndi mwanadi wa bambo ake, ayankha kuti Hamlet angamuphe ngakhale m'tchalitchi. Ikani yankho limeneli pafupi ndi lupanga lobwezedwa m'chimake lija. Sitifunika kuuzidwa kuti Hamlet ndi wozengereza, taziona ndi maso athu.

Lusoli limagwira pokhapokha awiriwo atafanana pa zambiri n'kusiyana pa chimodzi. Laertes akanakhala nkhalamba, kapena bambo ake akanamwalira ndi matenda, tikanati Hamlet akuchedwa chifukwa vuto lake ndi lina. Fortinbras wa ku Norway, amenenso bambo ake anaphedwa, amangotsimikiza zomwezo: Hamlet ataona asilikali ake akupita kukafera kamalo kachabechabe ku Poland, adzidzudzula yekha.

Olemba ongoyamba kumene amalakwitsa posandutsa munthu wachiwiriyu kukhala chitsanzo chabwino, ndipo sewero limasanduka ulaliki. Ine ndimaona kuti Shakespeare anapewa msampha umenewu mwadala. Phuma la Laertes ndi limene Claudius agwiritsa ntchito: amunyengerera kuti alowe mpikisano wa malupanga ndi Hamlet atanyamula lupanga lakuthwa, ndipo Laertes awonjezera yekha maganizo opaka lupangalo poizoni. Pa mpikisanopo malupanga asinthana manja, Laertes avulazidwa ndi lake lomwe. Aulula chiwembu chonse akufa, ndipo ndi kuulula kumeneku kumene kumachititsa Hamlet, poizoni ali kale m'thupi, kupha Claudius.