Kulemba malonda oti awerengeke pa foni iliyonse

Anthu ambiri ogulitsa katundu pa WhatsApp ndi pa Facebook amakonza malonda awo pa foni yaikulu, ali m'tauni momwe netiweki ili bwino. Amajambula katunduyo, kulemba mitengo pa chithunzi chomwecho ndi zilembo zamitundumitundu, n'kuponya m'magulu. Kwa iwo zimaoneka zokongola. Koma wogula ali ku Mitundu kapena ku Nsundwe, pamwamba pa foni yake pakuoneka chilembo cha E m'malo mwa 4G, ndipo bandulo yake yatsala pang'ono kutha. Chimene chamufika ndi chithunzi chosaoneka bwino, chokhala ndi kamuvi pakati komuuza kuti adine ngati akufuna kuchitsitsa. Iye sadina. Ndiye kuti sadziwa chimene chikugulitsidwa, ngakhale mtengo wake.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: wogula adziwe katundu, mtengo ndi malo asanatsitse kanthu kalikonse, ndiponso asanafunse funso lililonse.

Chimene chimadya deta si mawu

Pali maganizo akuti uthenga uzikhala waufupi kuti usathe bandulo. Zoona zake n'zakuti mawu sadya deta yodandaulitsa. Chilembo chimodzi wamba chimatenga bayiti imodzi, choncho mawu a uthenga wa zilembo 300 ndi mabayiti pafupifupi 300 basi. Chithunzi chimodzi cha makilobayiti 100 chimaposa mauthenga otere 300. Vidiyo ya theka la mphindi imafika mamegabayiti angapo. N'chifukwa chake netiweki ikafooka mawu amadutsabe, pamene chithunzi chimangozungulira osatseguka. N'chifukwa chakenso anthu ambiri anatseka kale kuti zithunzi zisamatsike zokha pa WhatsApp.

Tsono mtengo ukabisika m'chithunzi, mwaubisira anthu onsewa. Ulembeni ngati mawu enieni, pansi pa chithunzi kapena mu uthenga wakewake. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi amaoneka ngakhale chithunzicho chisanatsitsidwe. Nambala ya foni nayo ikhale m'mawu: wogula amangoidina n'kuimba, pamene ikakhala m'chithunzi ayenera kuikopera papepala kaye.

Kufupikitsa mizere kuli ndi chifukwa china, ndicho kukula kwa sikirini. Pa foni yodina pagalasi yaing'ono, ngati ma itel ndi ma Tecno otsika mtengo, mzere umodzi wa uthenga wa WhatsApp umakwana zilembo za m'ma 30. Pa foni ya mabatani zimachepera apo. Munthu wachikulire amene anakulitsa zilembo kuti aziona bwino, mzere wake umafupikiranso. Mzere ukatalika foni imaudula pomwe yafunira, osati pomwe inu mukufuna.

Chitsanzo cha mpunga

Tiyerekeze kuti mayi wina amapikula mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kumagulitsa ku Lilongwe. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza. Uthenga wake woyamba umayamba ndi moni wautali kwa makasitomala okondedwa, kuthokoza chifukwa chomukhulupirira, kenako nkhani yakuti katundu watsopano wafika. Dzina la mpunga likubwera pa mzere wachisanu. Pambuyo pake waika mitengo motere, atailinganiza ndi mipata kuti ioneke ngati tebulo:

```
5kg        25kg        50kg
K20,000    K95,000     K185,000
```

Pa foni yake zaima bwino. Pa foni yaing'ono mzere wachiwiri sukwana, ndiye K185,000 imagwera pansi payokha, ndipo K95,000 imatha kusunthira pansi pa 50kg chifukwa zilembo ndi mipata sizifanana kukula kwake. Wogula amawerenga kuti thumba la makilogalamu 50 ndi K95,000, amaimba foni ali wokondwa, ndipo kukambirana kumathera pa kukangana.

Moni wautali ujanso wawononga. Uthenga ukamalowa, foni imaonetsa mawu oyambirira okha pamwamba pa sikirini, ndiponso pa mndandanda wa magulu pamaoneka kachidutswa ka mzere umodzi. Munthu amene ali m'magulu khumi amasankha chotsegula poona mawu amenewo. Akaona moni, amadutsa. Pa Facebook uthenga wautali umadulidwa pambuyo pa mizere yochepa n'kuikidwa See more, ndipo WhatsApp nayo imaika Read more pa uthenga wotalika kwambiri. Zonse zotsalira kuseri kwa mawu amenewa, ambiri saziona. Kondakitala wa minibasi sayamba ndi moni: amakuwa kumene galimoto ikupita, mtengo n'kutsatira.

Uthenga womwewo utakonzedwa ukhoza kukhala chonchi:

```
Mpunga wa Kilombero
5kg: K20,000
25kg: K95,000
50kg: K185,000
Wa ku Karonga, wa chaka chino
Wopeta kale, wopanda miyala
Lilongwe, msika wa Area 25
Kutumiza pa basi: mulipira inu
Airtel Money kapena Mpamba
Imbani: (nambala yanu)
Mitengo ya pa 12 Juni
```

Palibe mzere woposa zilembo 30. Mzere uliwonse wanyamula mfundo imodzi, ndipo kulemera ndi mtengo wake zili pamodzi, moti ngakhale foni itadula mzere, sizingasakanikirane ndi za thumba lina. Dongosolo lake likutsata mmene wogula amaganizira: ndi chiyani, ndi zingati, ndi wabwino bwanji, uli kuti, ndilipira bwanji.

Taonani kalembedwe ka ndalama. Ena amalemba 95k pofuna kufupikitsa, koma pafupi ndi 25kg zilembo za k zimasokoneza maso, makamaka pa sikirini yosweka kapena padzuwa. K95,000 ndi yomveka kwa aliyense. Taonaninso tsiku lomwe lili kumapeto. Uthenga wa malonda umatumizidwa kuchoka gulu lina kupita lina kwa milungu ingapo, ndipo mitengo siikhalitsa. Tsikulo limateteza wogulitsa kwa munthu wobwera mu Seputembala ndi mtengo wa mu Juni.

Zina zimene mayiyu wasiya n'zofunikanso kuziona. Sanalembe kuti mpungawo ndi wapamwamba kapena wosayerekezeka, chifukwa aliyense amatero. Walemba zimene wogula angatsimikize akafika: ndi wopeta, ulibe miyala, ndi wa chaka chino. Sanalembenso kuti ofuna mtengo abwere kumbali. Kwa munthu amene amayatsa deta kawiri patsiku, kufunsa mtengo m'mawa n'kudzaona yankho madzulo ndi tsiku lathunthu lotayika, ndipo pofika nthawiyo wagula kale kwina.

Zokometsera zimene zimasanduka zinyalala

WhatsApp imalola kudetsa mawu powaika pakati pa nyenyezi ziwiri, monga `*Mpunga wa Kilombero*`. Kuchita izi pa mzere woyamba wokha n'kothandiza. Koma dziwani kuti sizigwira paliponse. Wina akakopera uthengawo n'kuuika pa Facebook kapena kuutumiza ngati meseji wamba ya SMS, nyenyezizo zimaoneka momwemo. Pa mzere umodzi sizivuta. Zikakhala pa mzere uliwonse, pamodzi ndi timizere tapansi topendeketsa mawu, mitengo imamira m'zizindikiro. Komanso mzere uliwonse ukadetsedwa, palibe umene ukuonekera kuposa unzake. Chimodzimodzi kulemba uthenga wonse m'zilembo zikuluzikulu: zimatenga malo ambiri, ndipo mzere umene ukanakwana umadukanso pawiri.

Choopsa kwambiri ndi zilembo zokhotakhota zimene anthu amakopera ku mapulogalamu okometsera mawu. Zimaoneka ngati a, b, c wamba wovala bwino, koma kwa foni ndi zizindikiro zina. Foni yakale imene ilibe zizindikirozo imaonetsa timabokosi topanda kanthu. Ndiponso munthu akalemba mawu oti mpunga pa malo ofufuzira m'gulu, uthenga wolembedwa ndi zilembo zoterezi ukhoza osapezeka. Maimoji atsopano nawo amasanduka timabokosi pa mafoni akale, choncho imoji isalowe m'malo mwa mawu ofunika. Lembani "Imbani", osati kachithunzi ka foni.

Pa SMS, chokometsera chimalowa m'thumba mwenimweni. Meseji imodzi imanyamula zilembo wamba 160. Mukaikamo imoji imodzi yokha, foni imasintha kalembedwe ka meseji yonse, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wautali ukamagawidwa, chidutswa chilichonse chimanyamula zilembo 67. Ndiye uthenga wa zilembo 150, umene ukanapita ngati meseji imodzi, umasanduka mameseji atatu, ndipo mumalipira katatu pa kasitomala aliyense. Chilembo cha ŵ nacho sichili m'gulu la zilembo wamba za SMS, choncho pa mafoni ambiri chimachita zomwezo. Polembera makasitomala a mafoni a mabatani, w wamba ndi wokwanira. Pamene mukulemba, yang'anani kanambala kamene foni imaonetsa pambali: kakadumpha mwadzidzidzi kuchoka pa meseji imodzi kufika pa atatu, mwalowetsa chizindikiro chachilendo.

Samalaninso ndi maulalo otumiza anthu kwina kuti akaone zambiri. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, ndipo ulalo wopita kunja sutseguka. Ngati ulalo ukufunikadi, ukhale pa mzere womaliza, zonse zofunika zitanenedwa kale.

Nanga chithunzi? Chimafunika ndithu, pakuti munthu amafuna kuona chimene akugula. Koma chikhale chimodzi, chojambulidwa pafupi ndiponso powala: mpunga uli m'dzanja, njere zake zikuoneka. Zithunzi khumi za matumba ofanana sizionjezera kanthu. Amene wakopeka ndi mawu adzatsitsa chimodzicho, ndipo wofuna zina adzapempha.

Kuyesa musanatumize

Uthenga muuyese pa foni yoipitsitsa imene mungaipeze pakhomo, osati pa yanu. Utumizeni kwa m'bale amene ali ndi foni yaing'ono, atatseka kutsika kwa zithunzi. Pa WhatsApp izi zili pa Settings, kenako Storage and data, pansi pa Media auto-download. Mufunseni zinthu zitatu asanadine chithunzi: ndikugulitsa chiyani, thumba lalikulu ndi zingati, ndili kuti? Akalephera chimodzi, uthenga sunathe. Kenako akulitse zilembo za foni yakeyo, muone mizere imene yaduka ndi kuifupikitsa.

Mukatumiza, mafunso a makasitomala ndiwo amakuuzani pamene pavuta. Ambiri akamafunsa kuti "Zingati?", mtengo wabisika m'chithunzi kapena uli pansi kwambiri. Akamati "Muli kuti?", dzina la malo lasowa, kapena mwalemba dera popanda mzinda. Akamatchula mtengo wolakwika, mizere yasakanikirana pa foni yawo. Akamafunsa ngati katundu adakalipo, uthenga ulibe tsiku. Funso lililonse lobwerezedwa katatu lisanduke mzere waufupi mu uthenga wotsatira. Ndipo mtengo ukasintha, musangotumiza kamzere kokonza, chifukwa kamayenda pakokha n'kusiya uthenga wakale ukuzungulirabe. Lembaninso uthenga wonse, ndi mitengo yatsopano ndi tsiku latsopano.