Kodi gulu la anthu atatu likufunikadi Kubernetes?

Tiyerekeze kuti anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi ku Lilongwe apanga pulogalamu yothandiza sukulu kulandira fizi. Makolo amalipira pafoni, pulogalamuyo imalemba malipirowo n'kutumiza uthenga wotsimikizira. Sukulu khumi zayamba kale kuigwiritsa ntchito. Tsopano mmodzi mwa iwo akuumirira kuti asamukire ku Kubernetes, poti ndi imene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Kodi anzakewo amumvere?

Tiyambe ndi kontena. Pulogalamu sigwira ntchito payokha: imadalira tizipangizo tina tambiri tomwe tiyenera kukhala m'kompyuta imene ikuiyendetsa. Kontena ndi phukusi lomwe mumamangamo pulogalamuyo pamodzi ndi zonse zimene imadalira, kotero kuti imayenda mofanana pa laputopu ya woipanga ndi pa seva, kompyuta yosagona imene anthu amaifikira kudzera pa intaneti. Docker, yomwe inatuluka mu 2013, ndiyo inachititsa kuti njirayi ifale.

Makontena akachuluka pamabuka vuto lina. Ndani asankhe kuti kontena iyi ikayendere pa seva iti? Seva imodzi ikafa pakati pa usiku, ndani asamutse ntchito yake? Kubernetes, imene Google inatulutsa mu 2014 potengera luso lake loyendetsa makompyuta zikwizikwi, imayankha mafunso amenewa. Ili ngati kapitawo wa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo: mumamuuza kuti m'munda uwu muzikhala anthu atatu nthawi zonse, ndipo wina akadwala iye amapeza wolowa m'malo osakufunsani. Ntchitoyi imaigwira bwino zedi. Koma kapitawo amafuna malipiro, ndipo ngati antchito onse alipo anayi, munthu ayenera kufunsa ngati pali choti kapitawoyo azichita.

Tiyeni tiwerenge zimene gulu lathu lija lili nazo. Pali kontena yolandira makolo pa intaneti, ina yotumiza mauthenga apafoni, ina yolandira chitsimikizo cha malipiro, ndi nkhokwe ya deta ya PostgreSQL. Makontena anayi basi. Tinene kuti pa tsiku lotsegulira sukulu, pomwe piringupiringu amafika pachimake, seva imafunsidwa zinthu maulendo 7,200 pa ola. Chiwerengerochi chikumveka chachikulu, koma mukachigawa ndi masekondi 3,600 mupeza maulendo awiri okha pa sekondi. Seva imodzi yapakatikati, ya memore ya magigabaiti anayi, imasenza katundu wotere osatuluka thukuta.

Pa ntchito yoteroyo Docker Compose ikukwana. Mumalemba fayilo imodzi yofotokoza makontena anu, ndipo chigawo chake chimaoneka motere:

```yaml
services:
  web:
    image: sukulu/web:1.4
    restart: unless-stopped
    ports:
      - "80:8000"
  db:
    image: postgres:16
    restart: unless-stopped
    env_file: .env
    volumes:
      - deta:/var/lib/postgresql/data
volumes:
  deta:
```

Mukalemba `docker compose up -d`, zonse zimadzuka. Mzere wa `restart: unless-stopped` ukutanthauza kuti kontena ikagwa, kapena seva ikazima n'kuyakanso, Docker iidzutsa yokha. Ambiri amathamangira ku Kubernetes pofuna chinthu chomwechi, osadziwa kuti ali nacho kale pa mzere umodzi.

Nanga akasankha Kubernetes, mtengo wake ndi wotani? Ubongo wake umasunga zonse mu nkhokwe yotchedwa etcd, imene imayenda pokhapokha maseva ake oposa theka akugwirizana. Ndiye kuti kuti ipirire imfa ya seva imodzi, pafunika maseva atatu. Awiri sathandiza, chifukwa imodzi ikafa yotsalayo sikwanitsa kuposa theka. Iliyonse imafuna memore yosachepera magigabaiti awiri, pulogalamu yanu isanayambe n'komwe kuyenda. Mukhoza kubwereka ubongowo kwa makampani akuluakulu: Amazon imalipiritsa masenti 10 pa ola, omwe ndi madola pafupifupi 73 pamwezi, osawerengera maseva oyendetsa makontena anu. Sukulu zimalipira m'makwacha koma bilu imeneyi imabwera m'madola, ndipo aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuwawa kwake.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si ndalama ayi, koma nthawi ya anthu. Kubernetes imatuluka yatsopano pafupifupi katatu pachaka, ndipo iliyonse imasamalidwa kwa miyezi pafupifupi 14 yokha. Simungaiike n'kuiiwala. Nthawi zina kusintha kumathyola zinthu: mu 2021, mtundu wa 1.22 unachotsa kalembedwe kakale ka Ingress, chipata cholowera anthu ochokera pa intaneti, ndipo amene sanakonze mafayilo awo anapeza akukanidwa. Mukaiika nokha ndi kubeadm, ziphaso zake zachitetezo zimatha pakapita chaka ngati simunazikonzenso; tsiku lina m'mawa `kubectl` imangokana kulankhula ndi maseva anu. Kontena ikamalephera kudzuka mumaona mawu ngati `CrashLoopBackOff`, kutanthauza kuti ikugwa mobwerezabwereza, kapena `Pending`, kutanthauza kawirikawiri kuti palibe seva yokhala ndi malo oilandira. Zonsezi n'zophunzirika. Koma m'gulu la anthu atatu amaphunzira ndi mmodzi, ndipo iyeyo akapita kumaliro kumudzi kumene netiweki imavuta, otsalawo amangoyang'anana uku makolo akuimba foni.

Seva imodzi nayo ili ndi malire ake, ndipo sindikufuna kuwabisa. Ikafa, zonse zaima. Poika pulogalamu yatsopano pamakhala masekondi angapo pomwe makolo sangalowe. Funso loti gulu lidzifunse moona mtima n'lakuti: tikaima kwa mphindi makumi atatu, chimaonongeka n'chiyani? Ngakhale lonjezo lakuti muziyenda 99.9 peresenti ya nthawi limalola kuima kwa mphindi pafupifupi 43 pamwezi. Kholo lolipira fizi likhoza kudikira n'kuyesanso. Chimene silingakhululuke ndi kusowa kwa umboni wa ndalama zimene linalipira, ndipo Kubernetes payokha siteteza deta. Deta imatetezedwa ndi chizolowezi: kukopera nkhokwe ndi `pg_dump` usiku uliwonse, kusunga kopeyo kwina kutali ndi sevayo, ndi kuyesa kuibwezeretsa pa seva yatsopano mwezi uliwonse, wotchi ili m'manja. Gulu limene lingadzutse zonse pa seva ina m'mphindi makumi awiri lili pabwino kuposa la Kubernetes lomwe silinayesepo zimenezi.

Pakati pa njira ziwirizi palinso zina. Cloud Run ya Google, Render kapena Fly.io zimalandira kontena yanu n'kuiyendetsa zokha, inu osasamala za maseva. K3s ndi Kubernetes yopepuka imene imatha kuyenda pa seva imodzi, ngakhale kuti zophunzira zake n'zomwezija.

Nthawi ya Kubernetes imadziwika ndi zizindikiro zogwirika. Seva imodzi yaikulu yadzaza ndipo mwayamba kugawa makontena pa maseva angapo ndi manja. Magulu osiyana akuika mapulogalamu tsiku lililonse ndipo akupondana zala. Mwasaina pangano limene kuima kwa mphindi zisanu kukulipitsani chindapusa. Ndipo koposa zonse, muli ndi anthu osachepera awiri oidziwa bwino, okonzeka kudzutsidwa usiku. Popeza pulogalamu ili kale m'makontena, kusamuka pa nthawiyo sikudzafuna kuilembanso kuyambira pachiyambi.

Gulu la ku Lilongwe lija lilibe chizindikiro ngakhale chimodzi mwa izi. Likhale pa Docker Compose, liyese kubwezeretsa deta yake sabata ino, ndipo nkhani ya Kubernetes lidzaiunikenso seva yachiwiri ikadzayamba kuchepa.